Phala Lokhala pa Supuni: Kudyetsa Munthu Amene Wangochira M'mimba

Amayi anadwala m'mimba mu Januwale, mvula ili pakati, atabwera kwathu ku Chilomoni kudzaona zidzukulu. Zinayamba usiku ndi kusanza, ndipo pofika m'mawa anali atatsegula m'mimba kambirimbiri, moti tinawatengera kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu. Aliyense amene anali m'dziko muno m'zaka za 2022 ndi 2023, pamene kolera inapha anthu oposa 1,700, akudziwa mantha amene amagwira banja munthu wachikulire akayamba kutaya madzi nyengo ya dzinja. Mwamwayi sinali kolera, ndipo atawayeza malungo sanapezeke. Anawapatsa mapaketi a thanzi, natiuza kuti azimwa pafupipafupi, ndipo tinabwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Chimene sichindichoka m'mutu si usiku umenewo ayi, koma masiku otsatira, pamene kusanza kunali kutaleka, kutsegula m'mimba kukuchepa, koma wodwalayo akumka nafookerafookera. Kuchipatala amatiuza bwino za madzi, ndipo ambiri a ife tinaphunzira. Za chakudya zimasiyidwira apakhomo, ndipo pakhomo aliyense amakhala ndi chiphunzitso chake.

Maganizo awiri pakhomo limodzi

Azakhali, amene anabwera kudzathandiza kudwazika matenda, anali ndi lamulo limodzi lokha, lakuti m'mimba mupume. Ankaphika phala la ufa woyera lamadzimadzi, lopanda mchere ndi shuga, naliika m'kapu kuti amayi azimwa m'mawa ndi madzulo, ndipo china chilichonse ankachikana. Maganizo awo sanali opusa. Anali ataona ndi maso kuti amayi akangodya kanthu, pasanapite nthawi amapempha kuwaperekeza kuchimbudzi, choncho anaganiza kuti chakudyacho ndicho chikuutsa matenda.

Alamu anga anali ndi maganizo ena. Iwo anafika ndi jumbo ya nkhuku yokazinga, tchipisi ndi mabotolo a zakumwa zotsekemera, nanena kuti munthu amene wataya mphamvu ayenera kudya zamphamvu. Amayi analawa pang'ono powopa kukhumudwitsa mkamwini, ndipo usiku umenewo m'mimba munavutanso. Zimenezi zinapatsa azakhali umboni wonse umene ankaufuna, moti phala la mawa lake linali lamadzimadzi kuposa la dzulo.

Pofika pakati pa sabata, amayi, amene kumudzi amalima okha ndi kusenza nkhuni, ankalephera kudzuka pamphasa popanda kuwagwira. Akaimirira ankamva chizungulire, miyendo inkawakokana usiku, ndipo ankangoti pakamwa pawo sipakoma.

Supuni ya anamwino

Anzawo a kumvano atabwera kudzawazonda, pakati pawo panali mayi wina amene anagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri asanapume. Atatha mapemphero, anzake akutsanzika, iwo anatsalira. Anaona kapu ya phala ili pambali pa mphasa, naitenga, napempha supuni. Anatunga phalalo, napendeketsa supuni, ndipo lonse linangoyenderera kubwerera m'kapu osasiya kanthu pa supunipo. Anachitanso kachiwiri, osalankhula, azakhali akuyang'ana.

Kenaka anati, "Amayi, pepani, ndine mlendo pakhomo pano, koma awa ndi madzi oyera, si chakudya. Mayiwa matenda awasiya. Chimene chikuwagoneka pansi tsopano ndi njala."

Azakhali anayankha mwaulemu kuti akadya zimangotuluka. Anamwino aja anavomera kuti n'zoona, munthu akadya amapita kuchimbudzi, pakuti ngakhale mwa munthu wabwinobwino chakudya chikafika m'mimba matumbo amayamba kuyenda, ndipo mwa wodwala zimenezi zimaonekera msanga. Koma anati chimene chimatuluka nthawi imeneyo si chonse chimene chalowa. Ngakhale munthu akutsegula m'mimba, gawo lalikulu la chakudya chimene wadya limalowabe m'thupi, pamene amene sanadye sapeza kalikonse. Anatembenukira kwa ine nati, "Mwananga, pita ukaike mpunga pamoto, uthire madzi ambiri, uusiye upse mpaka uphwanyike. Ndikufuna phala loti ukapendeketsa supuni lizikhala pomwepo, lizigwa mochedwa."

Anakhala nafe mpaka amayi atadya masupuni angapo a phala la mpungalo, lothira kamchere ndi shuga pang'ono, pamodzi ndi theka la nthochi yakupsa yophwanya ndi foloko. Asanachoke analetsa zinthu ziwiri nthawi imodzi, phala la azakhali ndi jumbo ya alamu, ndipo ndikuganiza kuti chimenecho ndicho chinapulumutsa mtendere wa pakhomo, popeza palibe amene anapambana mnzake.

Chimene chimachitika m'matumbo

Zimene anamwino aja anafotokoza tsiku limenelo, ndi zimene ndinadzamvetsa bwino pambuyo pake, zimayambira pa mmene khoma la matumbo aang'ono linapangidwira. M'kati mwake simuli see ayi, muli tinthu ting'onoting'ono tambirimbiri totuluka ngati ubweya wa thaulo, ndipo timeneti ndi timene timayamwa chakudya ndi madzi kupititsa m'magazi. Tizilombo tambiri toyambitsa kutsegula m'mimba timawononga nsonga za tinthu timeneti, n'chifukwa chake madzi amangodutsa osayamwidwa. Thupi limakonza khomali mofulumira, pakuti maselo ake amasinthika pa masiku 3 mpaka 5 alionse, koma maselo amenewa amapeza mbali ya chakudya chawo kuchokera ku zimene zikudutsa m'matumbomo. Munthu akamanidwa chakudya, khomalo limachedwa kuchira, ndipo timadzi togaya zakudya timachepanso. Apa ndi pamene mawu oti m'mimba mupume amasocheretsa, chifukwa kupuma kwa maola ochepa pamene munthu akusanza kumathandiza, koma kupuma kwa masiku kumatalikitsa kufooka.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi imene inagwetsa jumbo ya alamu. Matumbo ongochira amalephera zinthu zitatu kuposa zina zonse. Mafuta ambiri amachedwa kuchoka m'chifu, amautsa nseru, ndipo amene sanagayike amafewetsa chimbudzi. Shuga wambiri, monga wa m'zakumwa za m'mabotolo ndi m'majuwisi, amakokera madzi kuchokera m'thupi kulowa m'matumbo, moti munthu amamwa poganiza kuti akubwezeretsa madzi pamene akuwonjezera kutaya. Chachitatu ndi mkaka wa ng'ombe, umene ndidzaukamba pawokha chifukwa unatipusitsa tonse.

Madzi ayambe, chakudya chisachedwe

Gawo loyamba ndi la maola amene munthu akusanzabe, ndipo pamenepa palibe chifukwa chomukakamizira chakudya. Ntchito yonse ndi ya thanzi: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala opha tizilombo, osachepetsa madzi poganiza kuti akhale amphamvu, ndipo otsala atayidwe pakatha maola 24. Ngati paketi palibe, njira ya pakhomo ndi masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi, masupuniwo osatumphuka. Shuga wochepayo ali ndi ntchito yake, pakuti mchere umalowa m'khoma la matumbo pamodzi ndi shuga, ndipo madzi amatsatira. Ichi n'chifukwa chake madzi okha sakwanira kwa amene wataya ambiri.

Wosanza asapatsidwe kapu yodzaza kuti agugudize. Amwe supuni imodzi kapena kamkamwa kamodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri zilizonse, ndipo akasanza, mudikire mphindi 10 n'kuyambiranso pang'onopang'ono kuposa poyamba. Amayi amadwala kuthamanga kwa magazi, ndipo ankaopa mchere wa m'thanzi chifukwa anauzidwa kalekale kuti azichepetsa mchere. Anamwino anawauza kuti mchere umene watuluka ndi matenda uyenera kubwerera, ndipo chizungulire chimene ankamva poimirira chinali chizindikiro chakuti madzi ndi mchere zachepa m'thupi. Anatiuzanso kuti tikafunse kuchipatala ngati mapiritsi awo okodzetsa ayenera kupitirira masiku amenewo, m'malo moti tiganize tokha.

Chimene chimasonyeza kuti nthawi ya chakudya yakwana si kuuma kwa chimbudzi. Ndi kuti munthu watha maola angapo osasanza, madzi akukhazikika, ndipo wayamba kukodza mkodzo wosada kwambiri. Kwa ambiri zimenezi zimachitika tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Kudikira kuti kutsegula m'mimba kutheretu ndiye kulakwitsa kumene kunachitika pakhomo pathu.

Tsiku loyamba la kudya

Zakudya zoyambira ndi zofewa, zopsa bwino, zopanda mafuta ambiri ndiponso zopanda gaga. Phala la mpunga lili patsogolo, ndipo madzi amene mpunga wawiriramo, mukathira kamchere, ndi chakumwa chabwino pakati pa zakudya. Phala la ufa woyera nalonso ndi loyenera, bola likhale lolimbako. Pano ndi pamene ufa woyera, umene a zaumoyo amaudzudzula masiku onse kuti unatha zofunika pokonola ndi poviika, umapeza malo ake: popeza gaga anachoka, sukanda matumbo ndipo umagayika msanga. Koma ubwino umenewu ndi wa tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa ufa womwewo sungamange thupi la munthu wofooka.

Nthochi yakupsa ndi yofunika kwambiri pa gawo limeneli chifukwa ili ndi potaziyamu, mchere umene umatayika wambiri munthu akatsegula m'mimba, ndipo kuchepa kwake kumafooketsa minofu ndi kutupitsa mimba. Mbatatesi zowiritsa n'kuziphwanya zilinso ndi potaziyamu. Msuzi wa nkhuku ndi wabwino ngati mwayamba mwauleka kuti uzizire pang'ono n'kuyengula mafuta amene ayandama pamwamba, ndipo ukhoza kuthiridwa pa mbatatesi kapena pa mpunga kuti wodwala amve kukoma. Buledi wopanda majarini, wodyera tiyi wopepuka wopanda mkaka, amathandiza amene nseru siinawathere.

Muyezo ndiwo unali wovuta kuwamvetsetsa amayi, amene anazolowera kudya kawiri patsiku koma mokhuta. Anamwino anati theka la kapu likwanira pa nthawi imodzi, koma libwere pa maola 3 kapena 4 alionse, kutanthauza kudya pafupifupi ka 6 patsiku. Mbale yodzaza imamuopsa wodwala asanayambe n'komwe, ndipo chifu chodzaza chimautsa kusanza. Tinkawaikira m'kambale ka ana, nthawi zina n'kumaliza, nthawi zina n'kusiya, ndipo sitinkawakakamiza kupitirira pamene anena kuti basi, koma sitinkalumphanso nthawi yotsatira.

Phala lililonse linkaphikidwa nthawi yomweyo. Chakudya chophika chikakhala panja kupitirira maola 2 nyengo yotentha chimayamba kuswa tizilombo, ndipo mpunga wogona ndi woopsa kwambiri pa zimenezi. Anthu ena amene amati matenda awabwerera chifukwa anafulumira kudya, kwenikweni amakhala kuti adya mkute wosatenthetsa bwino kapena amwa thobwa losungunula ndi madzi osawiritsa.

Nsima ibwerera, ndiwo zikhala zosankha

Munthu akatha tsiku lathunthu akudya zofewazi osasanza, m'mimba mosapota kwambiri, ndiponso maulendo a kuchimbudzi akuchepa ngakhale chimbudzicho chikadali chofewa, ndiye kuti wakonzeka kupita patsogolo. Chizindikiro china chodalirika ndi chakuti wodwala amayamba kutchula yekha chimene akufuna. Amayi anadzuka m'mawa wina n'kunena kuti phala latopetsa, akufuna nsima, ndipo anamwino titawauza pafoni anaseka nati wodwala wachira.

Nsima yake inali ya ufa woyera, yofewa, mtanda umodzi waung'ono. Ndiwo ndizo zinafuna kuganiza, chifukwa apa ndi pamene thupi liyenera kuyamba kulandira zomanga. Dzira lowiritsa mpaka kulimba ndi losavuta ndiponso lotsika mtengo. Nsomba yaiwisi, kaya chambo kaya ina iliyonse, yophika ndi madzi, mchere ndi phwetekere wochepa, osaikazinga, imagayika bwino kuposa nyama ya ng'ombe kapena ya mbuzi. Nyama ya nkhuku yowiritsa yochotsa khungu ndi yoyeneranso. Ku mbali ya zamasamba tinayamba ndi maungu ndi karoti zophika mpaka kufewa, tisanafike ku masamba enieni.

Mafuta ophikira sanachotsedwe onse, ndipo pamenepa anthu amasokoneza zinthu ziwiri. Chakudya chosambira m'mafuta monga tchipisi, mandasi kapena kanyenya ndi chovuta kwa matumbo ongochira, koma supuni ya tiyi imodzi kapena ziwiri za mafuta m'mbale ya phala zimawonjezera mphamvu popanda kuchulukitsa chakudya, ndipo a Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse amalangiza zomwezo podyetsa ana otsegula m'mimba. Kwa munthu amene akudya theka la kapu lokha, kasupuni kameneko kali ndi phindu lalikulu.

Chakudya chimene chinandidabwitsa ndi nthochi zosapsa zophika. Mnzathu woyandikana naye nyumba, wochokera ku Karonga kumene nthochi zimaphikidwa ngati chakudya cha tsiku ndi tsiku, anabweretsa mphika wa nthochi zowiritsa ndi mchere wokha, wopanda nyama ndi mafuta amene amaika mu mbalagha. Amayi anazikonda, ndipo chimbudzi chinayamba kugwirana. Sindinganene kuti nthochizo ndizo zinachita zonse, popeza anali akuchira kale, koma kafukufuku amene anachitika ku Dhaka m'dziko la Bangladesh, n'kufalitsidwa mu 2001, anapeza kuti ana otsegula m'mimba kwa nthawi yaitali ankachira msanga akapatsidwa nthochi zosapsa zophika pamodzi ndi mpunga. Mbali ina ya ufa wa m'nthochi yosapsa sigayika m'matumbo aang'ono, imakafika m'matumbo aakulu, kumene tizilombo tabwino timaisandutsa zinthu zothandiza khoma kuyamwa madzi.

Tiyi wamkaka

Zinthu zikuyenda bwino chonchi, m'mawa wina amayi anamwa makapu awiri a tiyi wothira mkaka wambiri, monga amachitira kwawo. Pasanathe maola awiri mimba inatupa, m'mimba munayamba kulira moti tinkamva tili pakhonde, mpweya unachuluka, ndipo anatsegulanso m'mimba. Azakhali anayamba kale kuyang'ana mphika wa phala lamadzimadzi lija.

Chinachitika ndi ichi. Shuga wa mumkaka amagayidwa ndi timadzi tina timene timapangidwa pansonga penipeni pa tinthu ta m'khoma la matumbo tija, malo omwewo amene matenda amayamba kuwononga, ndipo timadzi timeneti timachedwa kubwerera kuposa tina tonse. Shuga amene sanagayike amapitirira mpaka m'matumbo aakulu, nakoka madzi, ndipo tizilombo ta kumeneko timamuwiritsa n'kutulutsa mpweya. Akuluakulu ambiri a kuno sagaya bwino mkaka wochuluka ngakhale ali bwinobwino, choncho matenda akangodutsa vutoli limaonekera poyera. Limatha lokha, kwa ena pa masiku ochepa, kwa ena pa masabata angapo.

Kusiyanitsa zimenezi ndi kubwerera kwa matenda n'kofunika, chifukwa njira yake ndi yosiyana. Chakudya chikakhala kuti ndicho chavuta, vuto limayamba pasanapite nthawi yaitali chidyereni, limadza ndi mpweya ndi kutupa, thupi silitentha, munthu safooka kwambiri, ndipo mukasiya chakudyacho m'mimba mumakhazikika pofika mawa. Zikatero palibe chifukwa chobwerera ku madzi okha. Chotsani chinthu chimodzi chimene chalakwacho, perekani thanzi kubwezeretsa madzi amene atayika, ndipo nsima ndi dzira zipitirire. Ife tinachita chomwecho, ndipo amayi anadya nkhomaliro yawo tsiku lomwelo.

Chambiko ndi yogati wosatsekemera zimalandirika bwino kuposa mkaka wamba chifukwa mbali ya shuga uja imakhala itadyedwa kale ndi tizilombo tosasitsa. Tinawayambitsa chambiko pa masupuni ochepa, ndipo mkaka wa mutiyi unabwerera patapita masabata awiri, poyamba wongoyeretsa tiyi. Phunziro limene ndinatengapo ndi la kawonjezedwe: chakudya chokayikitsa chizibwera chimodzi patsiku. Mukabweretsa mkaka, nyemba ndi kabichi tsiku limodzi, m'mimba mukavuta simungadziwe chimene chalakwa, ndipo mapeto ake mumaletsa zonse.

Kubwerera ku mphika wa banja

Gawo lomaliza ndi limene anthu amalinyozera, chifukwa wodwala akangoyamba kuyenda aliyense amabwerera ku zake. Komatu munthu amene watha masiku akudya mpunga, nthochi ndi ufa woyera amakhala ataperewera zambiri, ndipo kumusiya pa zakudya zofewazi nthawi yaitali ndi njala ya mtundu wina. Chimbudzi chikayamba kugwirana, mgaiwa ubwerere, poyamba m'phala, kenaka mu nsima. Nsinjiro ziyambe ndi supuni imodzi m'phala musanafike pa ndiwo zotendera. Masamba ofewa monga nkhwani wosadzula bwino ndi bonongwe, ophika mpaka kupsa, atsogole, ndipo kabichi ndi zosaphika zibwere pambuyo.

Nyemba ndi zofunika koma zimadzaza mpweya, ndipo apa azakhali ndiwo anatithandiza. Anaviika nyemba usiku, nazichotsa makoko ndi manja, naziphika mpaka kuphwanyika kukhala chipere. Makoko atachoka, nyembazo zinalandirika popanda vuto lililonse, ndipo ndinaona kuti iwonso mtima unakhala pansi poona kuti nzeru zawo zagwira ntchito. Zotsalira kumapeto kwenikweni ndi zokazinga, tsabola, khofi ndi mowa, ndipo amene anapatsidwa mapiritsi a fulajilo asayandikire mowa konse mpaka patapita masiku osachepera 2 atamaliza mankhwalawo. Mapiritsi omwewo amasiya kukoma kwa chitsulo m'kamwa, zimene zimachititsa ena kukana chakudya poganiza kuti akudwalabe.

Chinthu china chimene chimaopsa anthu pachabe ndi kusapita kuchimbudzi tsiku limodzi kapena awiri matenda atangotha. Matumbo amakhala atakhuthuka, ndipo zakudya zopanda gaga zimasiya zotsalira zochepa. Munthu asamwe mankhwala ofewetsa chimbudzi chifukwa cha zimenezi. Mgaiwa, masamba, papaya wakupsa ndi madzi okwanira zimakonza zokha.

Pamene nkhani si ya chakudya

Zonse ndafotokozazi ndi za munthu amene akuchira. Pali zizindikiro zimene phala silingathetse, ndipo zikaoneka ulendo ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo: magazi m'chimbudzi, chimbudzi chochuluka chooneka ngati madzi otsukira mpunga, kutentha thupi kosatsika, kusanza chilichonse ngakhale supuni ya madzi, kusakodza kwa maola ambiri, maso olowa m'kati, kusokonezeka mutu kapena kugona kosadzutsika, ndi kupweteka kwa m'mimba kokhazikika malo amodzi kumene kukukulirakulira. Kutsegula m'mimba kofika masiku 14 kumafunanso kuyezedwa ngakhale munthu akuyenda. Okalamba, amayi oyembekezera, odwala shuga ndi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika asadikire nthawi yaitali monga angachitire wachinyamata wathanzi, ndipo wodwala shuga amene akumwa mapiritsi kapena kubaya jakisoni koma sakudya afunse achipatala tsiku lomwelo, chifukwa shuga wake akhoza kutsika moopsa. Mapiritsi oimitsa kutsegula m'mimba amene amagulitsidwa m'magolosale si a ana, ndipo si a munthu aliyense amene ali ndi kamwazi kapena amene thupi latentha.

Mwana ndi nkhani ina

Kwa mwana wamng'ono magawo amenewa amafupika kwambiri, ndipo kumumana chakudya n'koopsa kuposa kwa wamkulu chifukwa alibe nkhokwe m'thupi. Woyamwa apitirize kuyamwa, ndipo ayamwe kawirikawiri kuposa masiku onse, ngakhale akusanza. Zimene ndanena za mkaka wa ng'ombe sizikhudza bere, ndipo mawu oti mkaka wa mayi wasasa kapena waipa achotsetsa ana ambiri pabere pa nthawi imene ankalifuna koposa. Ngakhale mwana amene amamwa mkaka wa m'chitini kawirikawiri amapitiriza mkaka womwewo osausungunula mopitirira muyezo, pokhapokha achipatala atanena zina. Wosakwana miyezi 6 amene amangoyamwa asayambitsidwe phala chifukwa cha matendawa.

Mwana amene anayamba kale kudya abwerere ku chakudya chake akangobwezeretsedwa madzi, zimene nthawi zambiri zimatenga maola pafupifupi 4. Phala lake likhale lolimba, la mgaiwa kapena likuni, lothira nsinjiro, dzira kapena ufa wa usipa ndi kasupuni ka mafuta, ndipo adye pang'onopang'ono ka 6 patsiku, mayi kapena bambo atakhala naye pansi n'kumunyengerera, osati kumutsina mphuno. Akachita chimbudzi chamadzi, wosakwana zaka 2 amwe thanzi wokwana mamililita 50 mpaka 100, ndipo wa zaka 2 mpaka 10 amwe mamililita 100 mpaka 200. Mapiritsi a zinki, mamiligalamu 20 patsiku kwa woposa miyezi 6 ndi mamiligalamu 10 kwa wocheperapo, amaperekedwa kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo ayenera kumalizidwa ngakhale m'mimba mutaleka tsiku lachitatu, chifukwa amathandiza khoma la matumbo kuchira ndiponso amachepetsa mwayi wodwalanso m'miyezi iwiri kapena itatu yotsatira. Makolo ambiri amasiya pakati poona mwana akusewera.

Matenda atatha, mwana apatsidwe chakudya chimodzi chowonjezera tsiku lililonse kwa masabata osachepera 2, kuti abwezeretse thupi limene lataika, pakuti mwana amene watsika sikelo ndi amene amadwalanso msanga, ndipo akadwalanso amatsikanso. Pa tsiku la sikelo lotsatira muwauze alangizi a zaumoyo kuti mwanayo anatsegula m'mimba, muonetsetse mzere wa m'buku lake, ndipo ngati sunayambe kukwera, kapena mapazi ayamba kutupa, apimidwe za kunyentchera tsiku lomwelo m'malo modikira mwezi wina.